Ululu Wochenjeza ndi Ululu Wokakamira: Kumene Mofini Amathandiza ndi Kumene Amavulaza

Munthu amene khate linamuwononga mitsempha ya m'mapazi amatha kuyenda tsiku lonse mwala uli mu nsapato iye osadziwa kanthu. Madzulo povula amangoona magazi. Anthu ambiri amaganiza kuti khate limadula zala palokha, koma kawirikawiri zimene zimamaliza zalazo ndi zilonda: munthu amapsa pa moto osamva, amabayidwa ndi minga osamva, chilonda chimalowa tizilombo n'kufika pa fupa iye akuyendabe. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi amakumana ndi tsoka lomweli, ndipo ena amadulidwa mwendo chifukwa cha kachilonda kamene kanayamba ngati tsabola wa kambuzi. Ululu, ngakhale tonse timadana nawo, ndi umene umasunga thupi lathu.

Koma si ululu wonse umene umagwira ntchito imeneyi. Pali agogo amene mashingozi anapola chaka chatha, khungu lili bwinobwino, koma mpaka lero sangavale malaya chifukwa nsalu ikangokhudza nthiti amamva ngati awathira madzi otentha. Ululu wotere suwachenjeza za chilichonse. Madokotala amasiyanitsa mitundu iwiriyi, wadzidzidzi ndi wamgonagona, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumafotokoza chifukwa chake dokotala yemweyo amapereka mofini mosanyinyirika kwa wodwala mmodzi, n'kumukaniza wina amene akubuula mofanana.

Ulendo wa uthenga

Taganizirani kuti mwaponda khala lamoto limene lagwa pa mbaula. M'khungu la phazi muli nsonga za mitsempha, osati ija yodutsa magazi koma yonyamula mauthenga, zimene ntchito yake ndi kuzindikira zinthu zowononga: kutentha kopitirira muyeso, kubaya, kufinya kwambiri, ndi timadzi timene timatuluka mnofu ukavulala. Nsonga zimenezi zikakhudzidwa zimayambitsa kamphamvu kamagetsi kamene kamathamanga mu mtsempha kulowera kumsana.

Mitsempha yonyamula uthenga wa ululu ilipo ya magulu awiri. Ya gulu la A-delita ndi yokutidwa ndi kachikopa kamafuta, ndipo uthenga umayenda mamita 5 mpaka 30 pa sekondi. Ya gulu la C ndi yopyapyala, yosakutidwa, ndipo uthenga umayenda mita imodzi kapena awiri pa sekondi, nthawi zina kuchepera pamenepo. Kuchokera kuphazi kufika kumsana kwa munthu wamkulu pali mtunda pafupifupi mita imodzi. Ndiye uthenga woyamba umafika m'kuphethira kwa diso, pamene wachiwiri umatenga sekondi yathunthu. N'chifukwa chake mukapunthwa pamwala mumamva kawiri: poyamba kulasa kwakuthwa kumene mungaloze ndi chala, kenako, mutayamba kale kudumphadumpha, kuwawa kwina kwakuya, kowotcha, kofalikira, kumene kumakhalitsa.

Mauthenga onsewa amafikira mu mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwa mafupa a msana. Apa pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Msana pawokha umalamula minofu ya mwendo kuti ichotse phazi, osadikira ubongo, kotero kuti phazi limachoka pakhala lija inu musanadziwe chimene mwaponda. Komanso uthengawo umaperekedwa kwa mtsempha wachiwiri, umene umawolokera mbali ina ya msana n'kukwera mpaka ku chigawo cha ubongo chotchedwa talamasi. Kuchokera pamenepo umagawidwa: kwina kumene ubongo umazindikira malo ndi kukula kwa vutolo, kwina kumene kumabadwa mantha ndi kusautsidwa mumtima, kwina kumene zinthu zimasungidwa kuti mawa mudzayang'ane pansi podutsa pa mbaula.

Ululu weniweniwo umapangidwa mu ubongo. Chimene chimachokera kuphazi ndi uthenga chabe wonena kuti kwachitika zoopsa. Umboni wake ndi wa anthu odulidwa mwendo, amene ambiri a iwo amamvabe kupweteka kwa chala chimene chinakwiriridwa kalekale. Izi sizikutanthauza kuti akunama kapena kuti mutu wawasokonekera. Zikutanthauza kuti uthenga ungathe kuyambira panjira, ndipo ubongo umaulandira ngati wachokera kumapeto.

Chinthu china chimene aliyense amachita osaphunzitsidwa ndi kusisita pamene wagunda. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza chifukwa chake zimathandiza. Iwo anati mumsana, pamene mtsempha woyamba umakumana ndi wachiwiri, pali ngati chipata chimene chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono. Mitsempha yonyamula uthenga wa kukhudza wamba ndi yaikulu komanso yothamanga kuposa ya ululu, ndipo ikagwira ntchito imachepetsa uthenga wa ululu umene ukudutsa. Zina m'mafotokozedwe awo zinadzakonzedwa pambuyo pake, koma mfundo yaikulu inatsala: uthenga wa ululu umawonjezedwa kapena kuchepetsedwa panjira.

Ubongo nawo uli ndi dzanja pa chipatacho. Pali mitsempha yotsika kuchokera kumutu kupita kumsana imene imatha kutsekereza uthenga, ndipo ena mwa mankhwala amene thupi limagwiritsa ntchito pochita zimenezi limapanga lokha. Amatchedwa maendofini, ndipo oyamba a mtundu umenewu anapezeka mu 1975 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Wosewera mpira amene amamaliza masewero bondo litavulala, n'kudzalephera kuyenda atafika kunyumba, wathandizidwa ndi njira imeneyi. Njira yomweyo imathanso kugwira ntchito mobwerera. Mantha, kusowa tulo, nkhawa ya ngongole ndi chisoni zimatsegula chipata, ndipo bala lomwelo limapweteka kwambiri usiku kuposa masana.

Pamene ululu wakana kuchoka

Ululu wadzidzidzi uli ndi gwero looneka ndiponso mapeto. Phazi lopsa limatupa, ndipo mnofu wovulala umatulutsa timadzi totchedwa mapulositagilandini timene timachititsa nsonga za mitsempha kumva msanga, kotero kuti ngakhale madzi ofunda amawawa. Zimenezi zimakukakamizani kusamala phazilo mpaka lipole. Bulufeni ndi daikulofenaki amagwira ntchito poletsa thupi kupanga timadzi timeneti, n'chifukwa chake amathandiza kwambiri pa zotupa, pa dzino ndi pa kubinya. Bala likapola ululu umapita nalo.

Ululu wamgonagona ndi umene wapitirira miyezi itatu, kapena wapitirira nthawi imene bala linayenera kupola. Nthawi zina chifukwa chake n'chakuti gwero lidakalipo, monga nyamakazi imene ikudya mfundo za mawondo kapena chotupa cha khansa chimene chikukula. Koma nthawi zambiri chimene chasintha ndi njira yonyamula uthenga ija. Mitsempha ya mumsana ikalandira mauthenga a ululu kwa nthawi yaitali osapuma, imayamba kuyankha mopitirira muyeso. Kauthenga kakang'ono imakakulitsa, ndipo ngakhale uthenga wa kukhudza wamba imautumiza ku ubongo ngati ululu. Zili ngati galu amene analondera bwino usiku umene kunabwera akuba, koma kuyambira pamenepo amauwa tsamba lililonse likagwa, mpaka pakhomo palibe amene akugona.

Mashingozi amaonetsa bwino m'mene mtundu woyamba umasandukira wachiwiri. Kachilombo kamene kamayambitsa katsabola paubwana sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mizu ya mitsempha pafupi ndi msana, ndipo chitetezo cha thupi chikatsika chifukwa cha ukalamba, HIV kapena matenda ena, kamadzuka n'kuyenda mu mtsempha umodzi mpaka pakhungu. N'chifukwa chake matuza ake amatuluka mbali imodzi yokha, mondandalika ngati lamba. M'masabata oyamba ululu wake ndi wadzidzidzi, ndipo mankhwala olimbana ndi kachilomboko amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Matuza amauma patatha masabata angapo. Koma mwa anthu ena, makamaka okalamba, mtsempha uja umatsala wowonongeka ndipo umangotumiza mauthenga wokha. Munthu amamva kuwotcha, kulasa ngati magetsi, kapena dzanzi losakanikirana ndi ululu.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika m'mapazi a odwala shuga, a ena amene ali ndi HIV, ndi a ena amene akumwa mankhwala a TB, chifukwa amodzi mwa mankhwalawo amatha kuvulaza mitsempha ngati munthu sakulandira vitamini B6. Amene anamwa ma ARV akale aja okhala ndi sitavudini amakumbukira bwino kutentha kwa mapazi kumene kunkawalepheretsa kufunda bulangete.

Chimandiwawa mtima n'chakuti anthu otere sakhulupiriridwa. Pakhungu palibe chooneka, ekisire sikuonetsa kanthu, magazi ali bwino. Kunyumba amayamba kunena kuti ndi ulesi, ena amati walodzedwa, ndipo ndalama zimathera m'maulendo ofunafuna amene wachita zimenezi. Chonsecho vutolo lili ndi dzina lake kuchipatala, ndipo m'mene wodwala akulifotokozera ndi m'mene dokotala amalizindikirira. Mukapita kuchipatala musangoti "mukupweteka". Nenani ngati mukuwotcha, mukubaya, mukukoka kapena mukugunda, nthawi imene mumakula, ndi chimene chimachepetsa. Ululu wa mtsempha wowonongeka sumva panado kapena bulufeni kwenikweni, ngakhale mofini amene amaugwira mwa apo ndi apo. Kawirikawiri dokotala amapereka amitiriputilini wochepa womwa usiku. Mankhwalawa anapangidwira matenda a kukhumudwa, ndipo odwala ena amakhumudwadi akamva zimenezi, poganiza kuti adokotala akuwayesa amisala. Ayi. Pa mlingo wochepa amalimbitsa mitsempha yotsika ija imene imatseka chipata. Sagwira tsiku lomwelo. Pamafunika sabata imodzi kapena angapo, ndipo amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, kotero ambiri amawasiya asanaone phindu lake.

Chimene mofini amachita m'thupi

Mofini amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa popi, ndipo anapatulidwa koyamba cha m'ma 1805 ndi Friedrich Sertürner, mnyamata wogwira ntchito m'nyumba ya mankhwala ku Germany. Kodini, petidini, tiramado ndi fentanilo ndi a banja lomwelo, lotchedwa maopiyoidi. Onsewa amakakhala pamalo omwe aja pamene maendofini a thupi amakhala, koma mwamphamvu kwambiri komanso kwa nthawi yaitali. Mumsana amachepetsa uthenga wowoloka kupita ku mtsempha wachiwiri. Mu ubongo amachepetsa kusautsidwa, kotero odwala ena amati ululu akuumvabe chapatali koma sukuwavutitsanso.

Vuto n'lakuti malo olandirira mankhwalawa sali panjira ya ululu pokha. Aliponso m'matumbo, ndipo mofini amachedwetsa matumbo mpaka munthu kudzimbidwa. Aliponso m'chigawo cha ubongo chimene chimapereka chisangalalo, ndipo apa ndi pamene chibaba chimayambira. Oopsa kwambiri ali m'munsi mwa ubongo, pamene pamayendetsa kupuma ife tili mtulo. Mofini akachuluka, chigawo chimenechi chimasiya kuzindikira kuti mpweya woipa wadzaza m'magazi. Munthu amapuma pang'onopang'ono, mwapatalipatali, mpaka kusiya. Samva kubanika ayi, amangogona. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa monga dayazepamu amapondereza malo omwewo, ndipo imfa zambiri zimachitika zinthuzi zikaphatikizidwa.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza. Choyamba, thupi limazolowera, kotero mlingo umene unkagwira mwezi watha umayamba kuchepa mphamvu. Chachiwiri, thupi limayamba kudalira, kotero munthu akasiya mwadzidzidzi amadwala: kuyasamula, mamina, thukuta, kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi. Ziwirizi zimachitikira aliyense amene wamwa kwa masabata angapo, ndipo si tchimo kapena kufooka. Chachitatu ndi ukapolo weniweni, pamene munthu amafunafuna mankhwalawo osati chifukwa cha ululu, amanama kuti awapeze, ndipo amapitiriza ngakhale akuona banja ndi ntchito zikuwonongeka. Ichi sichigwira aliyense, koma mpata wake umakula mankhwala akamwedwa nthawi yaitali, pa mlingo waukulu, popanda womuyang'anira.

Odwala awiri

Tiyerekeze mayi wa zaka 48 amene khansa ya khomo la chiberekero inapezeka itafalikira kale. Nkhani yotere si yachilendo kuno, popeza Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Mayiyu wakhala masabata osagona, sakudya, amangodzipinda pamphasa. Panado ndi bulufeni anasiya kalekale kumuthandiza. Namwino amamutambasulira dzanja n'kufunsa kuti, "Amayi, chibakera ndiye kuti simukumva kupweteka, zala zonse zisanu ndiye kupweteka kosapiririka. Lero muli pa zingati?" Mayiyo akuonetsa zisanu.

Dongosolo limene azaumoyo amatsata linafalitsidwa ndi bungwe la WHO mu 1986. Mfundo zake ndi zakuti mankhwala amwedwe pakamwa ngati n'kotheka, amwedwe pa nthawi yoikika osati kudikira ululu ubwerere, ndipo akwezedwe pang'onopang'ono malinga ndi munthuyo. Mayiyu amayambira pa mofini wamadzi, uja wosalimba amene mililita imodzi imakhala ndi miligalamu imodzi. Amamwa mamiligalamu 5 maola anayi alionse, poyeza ndi sirinji yopanda singano: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndipo 10 koloko usiku amamwa milingo iwiri pamodzi kuti asadzutsidwe pakati pa usiku. Pa tsiku ndi mamiligalamu 30. Akanakhala wokalamba kwambiri, wowonda kapena wa impso zofooka, akanayambira pa theka la mlingowo, chifukwa impso ndi zimene zimachotsa zotsalira za mofini m'thupi.

Maola anayiwo ali ndi chifukwa. Mofini womwa amayamba kugwira patatha mphindi 20 kapena 30, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola anayi. Wodwala akadikira kuti ululu ubwerere, chipata chija chimakhala chatseguka kale ndi mantha, ndipo pamafunika mankhwala ochuluka kuti chitsekekenso. Achibale ambiri amalakwitsa apa ndi mtima wabwino ndithu: amaona mayi akuseka n'kunena kuti lero asamwe, tisunge.

Ululu ukabuka pakati, mayiyo amaloledwa kumwa mlingo wina wowonjezera, ndipo womusamalira amalemba m'kope. Tinene kuti tsiku lachiwiri wamwa yowonjezera itatu, mamiligalamu 15. Namwino amaphatikiza 30 ndi 15 kupeza 45, n'kugawa pa milingo isanu ndi umodzi: tsopano azimwa mamiligalamu 7.5 nthawi iliyonse. Amapitiriza chomwecho mpaka zala zija zitatsika kufika pa chimodzi kapena ziwiri, mayiyo ali maso, akucheza. Kukwera pang'onopang'ono kotere n'kumene kumateteza kupuma, chifukwa thupi limapatsidwa nthawi yozolowera. Manambalawa ndawalemba kuti muone m'mene azaumoyo amaganizira, osati kuti wina awatsatire payekha.

Masiku awiri kapena atatu oyamba mayiyo amasinza kwambiri, mwina ndi mseru, ndipo zimenezi zimatha zokha. Kudzimbidwa kokha sikutha, thupi silikuzolowera, choncho mankhwala ofewetsa m'mimba amayamba tsiku lomwelo limene mofini wayamba. Patatha sabata, mayi amene ankangobuula akukhala pakhonde, akudya phala, akulangiza ana ake za munda ndi za sukulu. Khansa ikadalipo, koma munthu wabwerera.

Pali mawu amene amamveka m'mawodi ndi m'midzi akuti akakupatsa mofini ndiye kuti akutsanzika, kapena kuti mofini ndi amene amamaliza wodwala. Maganizowa anabwera chifukwa kwa zaka zambiri mankhwalawa ankaperekedwa mochedwa, munthu atatsala maola ochepa, ndiye achibale ankaona jekeseni kenako maliro. Akaperekedwa mwa dongosolo lija, odwala amakhala nawo miyezi, ena zaka. Njira ya mofini wamadzi wotsika mtengo inafalikira mu Africa kuchokera ku Hospice Africa Uganda, imene Dr Anne Merriman anayambitsa mu 1993, ndipo kuno malo monga Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akugwira ntchito yotere.

Tsopano tiyerekeze bambo wa zaka 35 wopalasa kabaza, amene msana wakhala ukumupweteka kwa chaka. Mnzake pa siteji anamupatsa kapisozi wa tiramado, ndipo tsiku limenelo anapalasa mpaka madzulo osamva kanthu. Anayamba kugula yekha. Poyamba mmodzi ankakwanira, patatha miyezi iwiri anafika pa anayi, kenako asanu ndi atatu. Tsiku limene alibe ndalama amadzuka thupi likuphwanya, thukuta lili kamukamu, m'mimba mukutsegula, ndipo amaganiza kuti ndi malungo. Akayezetsa sapezeka nawo. Akamwa kapisozi zonse zimatha, ndipo iye amatsimikiza kuti mankhwalawa ndi amene akumuchiritsa, pamene akungoziziritsa matenda amene iwo omwe abweretsa. Msana ukupwetekabe, mwinanso kuposa kale, chifukwa maopiyoidi akamwedwa nthawi yaitali amatha kuchititsa mitsempha kumva ululu msanga. Tiramado wochuluka amagwetsanso munthu ngati wakhunyu, ndipo kwa munthu wonyamula anthu pamsewu imeneyo ndi ngozi ya anthu awiri.

Dokotala wabwino akakumana ndi bamboyu amayamba wafufuza ngati kumsanako kukubisala chinthu choopsa. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi zizindikiro zimene sizidikira, chifukwa TB ya msana ndi khansa zimayamba chomwecho. Ngati palibe, ndiye kuti ululuwu ndi wa mtundu uja umene mitsempha yazolowera kukuwa. Tiramado amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata, osati kudula tsiku limodzi. Chithandizo chenicheni chimakhala chosasangalatsa kumva: kulimbitsa minofu ya msana ndi ya pamimba motsogozedwa ndi a mafizo, kukonza kutalika kwa chishalo, kuchepetsa katundu, kugona mokwanira, ndi kupitiriza kuyenda m'malo mogona pamphasa. Bulufeni angathandize masiku ovuta okha, chifukwa womwa tsiku ndi tsiku amaboola m'mimba ndi kuwononga impso. Panado naye ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, kuopa chiwindi.

Kumukaniza bamboyu maopiyoidi si nkhanza. Kafukufuku amene anasindikizidwa ku America mu 2018 anatsatira kwa chaka chathunthu odwala 240 a msana, mawondo ndi chiuno. Amene ankalandira maopiyoidi sanapeze bwino kuposa amene ankalandira mankhwala wamba, koma anakumana ndi zovuta zambiri zobwera ndi mankhwala. Mwa mayi uja muli chotupa chimene chikutumiza uthenga weniweni usana ndi usiku, ndipo kuutsekereza ndi chifundo. Mwa bamboyu vuto lili m'njira yonyamula uthenga, ali ndi zaka zambiri kutsogolo, ndipo mankhwalawa amangowonjezera vuto lachiwiri pa loyamba.

Pa ululu wadzidzidzi waukulu nkhani ndi yachidule. Wothyoka fupa la ntchafu, wopsa ndi moto, wochitidwa opaleshoni, mwana wa siko selo amene mafupa amubuka, onsewa amafunika mankhwala amphamvu msanga, kwa masiku ochepa, kenako n'kutsikira ku ofooka. Kuwasiya akuvutika kuli ndi mtengo wake. Wochitidwa opaleshoni ya pamimba amene akuopa kutsokomola amatha kudwala chibayo, ndipo ululu waukulu wosathandizidwa umawonjezera mpata woti udzasanduke wamgonagona.

Mantha a ku America, kusowa kwa kuno

Zimene zinachitika ku America n'zimene zinaopseza dziko lonse. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapiritsi a OxyContin, n'kumauza madokotala kuti mpata woti munthu akhale kapolo wa mankhwalawa ndi wochepa. Anayamba kulembedwa mwaunyinji kwa anthu a msana ndi mawondo, onga bambo wa kabaza uja. Mu 2007 kampaniyo inavomera m'khoti mlandu wosocheretsa anthu, koma moto unali utayaka kale. Ambiri amene anazolowera mapiritsi anasamukira ku heroini, kenako ku fentanilo wopangidwa mobisa, amene mphamvu yake imaposa ya mofini ka 50 mpaka ka 100. Mu 2021 mokha anthu pafupifupi 80,000 anafa kumeneko ndi maopiyoidi. Ku Africa kuno chenjezo lilipo kale: mu 2018 dziko la Nigeria linaletsa mankhwala a chifuwa amadzi okhala ndi kodini achinyamata atawasandutsa chakumwa.

Komabe tikatengera mantha a ku America osayang'ana kwathu tidzalakwira odwala athu. Lipoti la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa mu 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira zosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a mankhwala a mtundu wa mofini amene amagawidwa. Kwa ife vuto lalikulu likadali la mayi amene akufa akukuwa m'nyumba ya kumudzi chifukwa botolo lili kutali, latha, kapena wogwira ntchito akuopa kulemba. Kabati yokhoma, kaundula amene mililita iliyonse imalembedwa, ndi lamulo loti mankhwalawa alembedwe ndi wovomerezeka yekha, zonsezi zilipo kuti mofini afike kwa mayiyo osasochera panjira kupita pa siteji ya kabaza. Pamene malamulowa asanduka chifukwa chomubwezera kunyumba chimanjamanja, ndiye kuti tawagwiritsa ntchito molakwika.

Amene mukusamalira wodwala wa mofini kunyumba, dziwani kusiyanitsa tulo tabwino ndi tulo toopsa. Wodwala amene wapumula mukamuitana amadzuka n'kuyankha. Amene mankhwala amuchulukira sadzuka ngakhale mumugwedeze, amapuma mwapatalipatali, kosakwana ka 10 pa mphindi, mwina ndi mkonono wachilendo, ndipo timaso takuda ta pakati pa diso timachepa ngati nsonga ya singano. Musamupatsenso mlingo wina, musamumwetse kanthu, mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala. Kumeneko kuli jekeseni wa nalokisoni amene amachotsa mofini pamalo ake m'mphindi zochepa, ngakhale kuti mphamvu yake imatha msanga kuposa ya mofini, kotero wodwala ayenera kukhalabe m'manja mwa azaumoyo atatsitsimuka.

Ngozi ina imabwera munthu akasiya kwa masabata n'kudzayambiranso pa mlingo wakale, chifukwa kuzolowera kuja kumakhala kutatha ndipo mlingo umene unali wabwino ukhoza kumupha. N'chimodzimodzinso ndi munthu amene sanamwepo. Mlingo umene mayi uja wafikapo patatha miyezi, namwa n'kumacheza bwinobwino, ungaimitse kupuma kwa mdzukulu amene wapeza botolo pawindo, kapena kwa mlamu amene wapatsidwako chifukwa dzino lamuvuta. Botolo lizikhala pokhoma, lisagawidwe kwa wina aliyense, ndipo wodwala akasintha mankhwala kapena akatisiya, otsalawo abwezedwe kuchipatala kumene anachokera.